Kumanga mitu ndi maina pa tebulo lalitali kuti zisasowe mukamatsika

Tebulo la mamembala a kopaletivu likapitirira mizere 30, mitu ya pamwamba imasowa mukangotsika pang'ono. Mukafika pa mzere 214 mumaona manambala okhaokha, 4, 4, 20, 37, ndipo simudziwanso kuti 37 ameneyo ndi matumba a chimanga kapena a soya. Mukapita kumanja kuti muone ndalama zotsala, dzina la mwini wake limathawira kumanzere. Apa ndiye pamene matumba a munthu wina amalembedwa pa mzere wa mnzake, ndipo cholakwa chotere chimatulukira tsiku lolipira, anthu ali pamzere panja.

Excel ili ndi lamulo lothetsa zimenezi lotchedwa `Freeze Panes`. Pano tizinena kuti kumanga, ndipo kubweza kwake ndi kumasula. Lamulo lenilenilo ndi lophweka, koma limatsatira kabokosi kamene mwadina musanalipereke, ndipo ambiri amene limawavuta ndi chifukwa cha kabokosi kameneko.

Tebulo limene tigwiritse ntchito

Tiyerekeze kuti ndi kaundula wa kopaletivu ya alimi a ku Chipata kuno, mamembala 360. Mzere 1 uli ndi dzina la kopaletivu. Mzere 2 uli ndi nyengo ya ulimi ndi tsiku limene kaundulayo anakonzedwa komaliza. Mzere 3 ndi wopanda kanthu. Mitu yeniyeni ili pa mzere 4, ndipo mamembala akuyambira pa mzere 5 mpaka 364.

Makolamu ali motere: `A` ndi nambala ya membala, `B` ndi dzina, `C` ndi mudzi, `D` ndi nambala ya chitupa, `E` ndi foni. Kuyambira `F` mpaka `N` muli mahekitala, matumba a feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mbewu, matumba a chimanga a makilogalamu 50, soya, nshawa, ndalama zolipidwa ndi zotsala. Makolamu onse ndi 14, ndipo pa laputopu yaying'ono sakwanira pa sikirini nthawi imodzi.

Chimene tikufuna n'chakuti mizere 1 mpaka 4 ikhale pamwamba nthawi zonse, ndipo makolamu `A` ndi `B` akhale kumanzere nthawi zonse.

Kabokosi koyenera kudina

Excel imamanga mizere yonse imene ili pamwamba pa kabokosi kamene mwadina, ndi makolamu onse amene ali kumanzere kwake. Mzere ndi kolamu za kabokosi kadinidwako sizimangidwa. Choncho simudina pa chinthu chimene mukufuna kumanga. Mumadina kabokosi koyamba ka mbali imene izidzayenda.

Pa kaundula wathu mzere womaliza woti umangidwe ndi 4, ndiye tikufuna mzere 5. Kolamu yomaliza yoti imangidwe ndi `B`, ndiye tikufuna `C`. Pamene ziwirizi zikumana ndi `C5`, mudzi wa membala woyamba. Mitu ikanakhala pa mzere 1 ndipo maina ali mu `A`, tikanadina `B2`. Mukanafuna mizere inayi yokha popanda kolamu iliyonse, mukanadina `A5`, popeza kumanzere kwa `A` kulibe kanthu. Mukanafuna makolamu awiri okha popanda mzere, mukanadina `C1`.

Nayi ndondomeko yake:

1. Dinani `Ctrl+Home` kuti mubwerere ku `A1`. Onetsetsani ndi maso kuti mzere woyamba kuoneka pamwamba ndi 1, ndipo kolamu yoyamba kumanzere ndi `A`. Musalumphe sitepe iyi, chifukwa chake tichifotokoza pansipa.
2. Dinani `C5` kamodzi kokha. Yang'anani kabokosi kakang'ono ka kumanzere, pamwamba pa chilembo `A`, kamene kamaonetsa pamene muli. Pazilembedwa `C5`.
3. Pitani ku `View` pamwamba pa sikirini, dinani `Freeze Panes`. Patuluka zosankha zitatu.
4. Sankhani choyambacho, chimene nachonso dzina lake ndi `Freeze Panes`.

Amene amakonda kiyibodi angadine `Alt`, kenako `W`, `F`, `F`, chimodzichimodzi, osati pamodzi. Izi ndi za Excel ya pa Windows.

Zikatheka, pamaoneka timizere tiwiri toonda, todera pang'ono kuposa ena onse: kamodzi kopingasa pansi pa mzere 4, kena kotsika kumanja kwa kolamu `B`. Timizereti sitioneka bwino pa sikirini ina, makamaka ngati tebulo lili ndi malire ojambulidwa kale, ndiye musadalire maso okha. Tsikani mpaka pa mzere 214 muone ngati mitu ikadalipo. Manambala a mizere kumanzere azioneka 1, 2, 3, 4, kenako n'kulumphira pa 200 ndi zakuti. Pitani kumanja mpaka `N` muone ngati dzina likadali pambali pa ndalama zotsala. Pomaliza dinaninso `Ctrl+Home`. Tsamba likakhala lomangidwa, batani limeneli silipitanso ku `A1`, limakaima pa kabokosi koyamba ka mbali yoyenda. Likaima pa `C5`, mwamanga pamalo pake. Likaima pa `D6` kapena `B4`, masulani muyambirenso.

Kumasula ndi pamalo pomwepo: `View`, `Freeze Panes`, ndipo chosankha choyamba chija tsopano chasintha dzina kukhala `Unfreeze Panes`. Dziwani kuti `Ctrl+Z` sabweza kumanga. Mukamudina pofuna kumasula, amabweza chimene munalemba komaliza, mwina matumba a membala amene mwangomaliza kulowetsa, ndipo tsamba limakhalabe lomangidwa.

Chifukwa chake zosankha ziwiri zinazo sizikwanira

Pansi pa chosankha choyamba pali `Freeze Top Row` ndi `Freeze First Column`. Maina ake amakopa, moti ambiri amadina choyamba, kenako chachiwiri, poganiza kuti ziphatikizana. Siziphatikizana. Chachiwiri chimafafaniza choyamba, ndipo mumatsala ndi kolamu yomangidwa koma mitu ikuyendanso. Kumanga mizere ndi makolamu pamodzi kumatheka ndi chosankha choyamba chokha.

Pa kaundula wathu ziwirizi zilibe ntchito ngakhale pachokha. `Freeze Top Row` imanga mzere umodzi, umene uli ndi dzina la kopaletivu, ndipo mitu ya pa mzere 4 isowabe. `Freeze First Column` imanga manambala a mamembala n'kusiya maina. Zimathandiza pa tebulo losavuta, limene mitu yake ili pa mzere 1 ndipo mulibe chofuna kuona kumanja.

Mizere ya pamwamba ikasowa

Ili ndi vuto limene limaopsa anthu kwambiri, chifukwa limaoneka ngati zinthu zafufutika. Excel simanga kuyambira pa mzere 1 nthawi zonse. Imamanga kuyambira pa mzere umene ukuoneka pamwamba pa sikirini pa nthawi imene mwapereka lamulo.

Tinene kuti munali mutatsika pang'ono, mzere woyamba kuoneka unali 40. Mwadina kabokosi ka pa mzere 45 n'kumanga. Tsopano mizere 40 mpaka 44 ndiyo yamangidwa, ndipo mizere 1 mpaka 39 simungaifike ndi mausi ngakhale mukwere bwanji. Mamembala 35 oyambirira ndi mitu yonse zikuoneka ngati kulibe. `Freeze Top Row` nayo imachita zomwezi: ngati pamwamba pakuoneka mzere 40, imamanga 40.

Mungazindikire bwanji kuti ndi kumanga osati kufufuta? Yang'anani manambala a mizere. Mizere ikafufutidwa, Excel imawerenganso kuyambira 1. Ngati nambala yoyamba kuoneka ndi 40, mizere inayo ilipo. Ambiri apa amathamangira ku `Unhide` poganiza kuti mizere yabisika, ndipo palibe chimene chimachitika. Dinani `Unfreeze Panes`, kenako `Ctrl+Home`, zonse zibwerera. Ndicho chifukwa chake sitepe yoyamba ija ili yofunika.

Khalidwe lomweli mungaligwiritse ntchito mwadala. Pa kaundula wathu mizere 1 mpaka 3 ikungodya malo. Mukatsika mpaka mzere 4 ukhale woyamba kuoneka, n'kudina `C5`, n'kumanga, ndiye kuti mzere umodzi wokha wa mitu ndi umene umakhala pamwamba. Ndi njira yabwino ngati fayilo mumagwiritsa ntchito nokha. Ngati imapita kwa msungichuma ndi kwa mlembi, ndi bwino kuipewa, chifukwa wina adzafuna kusintha tsiku la pa mzere 2 n'kulephera kulipeza.

Palinso china chofanana nacho. Mukamanga muli pa `A1`, pamwamba ndi kumanzere palibe chomanga, ndiye Excel imadula sikirini pakati, mtanda, n'kumanga theka la pamwamba ndi theka la kumanzere. Mukaona timizere tija tadutsa pakati pa tebulo, dziwani kuti munaiwala kudina kabokosi koyenera.

Musamange zambiri

Mbali yomangidwa siyenda, choncho malo onse amene yatenga achotsedwa ku mbali imene mumawerenga. Laputopu yaying'ono imaonetsa mizere pafupifupi 20 kapena kupitirira pang'ono. Mizere inayi yomangidwa si vuto. Koma ngati dzina la kopaletivu linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, pali chizindikiro chake, ndipo mitu ya pa mzere 4 ndi ziganizo zazitali zopindidwa katatu, mbali yomangidwa ingathe kudya theka la sikirini. Fupikitsani mitu. "Matumba a chimanga amene membala wabweretsa" akhoza kungokhala "Chimanga 50kg".

Kumbali ya makolamu ndiye kumavuta kwambiri. Mtima umafuna kumanga nambala, dzina, mudzi, chitupa ndi foni, kuti munthu adziwike bwino. Makolamu asanu amenewo, dzina lili lotambalala, amatenga theka la sikirini ya laputopu, ndipo pa foni amadzaza yonse. Mbali yomangidwa ikadzaza sikirini, tebulo limaoneka ngati lafa: mukukoka, palibe chikuyenda. Kwenikweni likuyenda, koma kunja kwa sikirini. Pa kompyuta chepetsani kukula kwa zooneka pogwira `Ctrl` n'kuzunguza kagudumu ka mausi chakumbuyo, mudzaona mbali yoyenda ikutulukira kumanja. Kenako masulani n'kumanga zochepa.

Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, ndi makolamu angati ochepetsetsa amene amasiyanitsa munthu ndi mnzake? Kuno kwathu dzina lokha silikwanira, chifukwa pa mamembala 360 a Banda, a Phiri, a Tembo ndi a Zulu ndi ambirimbiri, ena ofanana ndi dzina loyamba lomwe. Nambala ya membala ndi dzina pamodzi zimakwanira. Kolamu ya nambala ichepetseni m'lifupi kuti ingokwana manambala atatu, ya dzina isapitirire pamene dzina lalitali kwambiri lathera.

Nanga ngati maina ali mu kolamu `D`, ndipo mukufuna imeneyo yokha? Kumanga kumayambira kumphepete, sikulumpha. Simungamange `D` n'kusiya `A`, `B` ndi `C` zikuyenda. Njira yolongosoka ndi kusamutsa kolamuyo: dinani chilembo `D` pamwamba, `Ctrl+X`, dinani chilembo `B` ndi batani la kumanja la mausi, sankhani `Insert Cut Cells`. Maina alowa mu `B`, enawo asunthira kumanja, ndipo mafomula amatsatira okha. N'chimodzimodzi ndi mzere wa mitotalo: ngati mukufuna kuti chiwerengero cha matumba onse chizioneka nthawi zonse, musachiike pansi pa mzere 364, chifukwa za pansi sizimangika. Chiikeni pamwamba, pa mzere 2, pamwamba pa kolamu yake. Ngati chimanga chili mu `J`, mu `J2` lembani:

```
=SUM(J5:J364)
```

Mzere 3 usiyeni wopanda kanthu. Umathandiza Excel kuzindikira pamene tebulo layambira mukamasanja maina kapena mukamaika zosefera.

Dzina la kopaletivu la pa mzere 1 nthawi zambiri limakhala mu timabokosi tophatikizidwa ndi `Merge & Center` kuyambira `A1` mpaka `N1`. Kamzere komanga kakadutsa pakati pake, mukapita kumanja dzinalo limaduka, zilembo zina n'kusowa. Limasuleni podinanso `Merge & Center`, dzinalo likhale mu `A1` mokha. Pa Excel izi zimangoipitsa maonekedwe, koma pa Google Sheets ndi nkhani ina.

Batani likakhala lotuwa

Ngati `Freeze Panes` sikudinika, yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, mwina muli m'kati mwa kabokosi, mukulemba. Zimachitika mukadina `C5` kawiri m'malo mwa kamodzi. Dinani `Esc`. Chachiwiri, mwina tsamba likuoneka ngati mapepala osindikiza, okhala ndi malire oyera, kumene ndi `Page Layout`. Kumanga sikugwira ntchito m'maonekedwe amenewo. Pitani ku `View` musankhe `Normal`.

Google Sheets ndi LibreOffice Calc

LibreOffice Calc imatsatira lamulo lomwe lija la Excel. Dinani `C5`, pitani ku `View`, sankhani `Freeze Rows and Columns`. Kumasula ndi kudinanso pomwepo.

Google Sheets imawerenga mosiyana, ndipo amene anazolowera Excel amaphonya ndi mzere umodzi. Kumeneko mzere umene mwadina umamangidwa nawo. Choncho simudina `C5`, mumadina `B4`, kabokosi komaliza ka mbali yomangidwa. Pitani ku `View`, `Freeze`, sankhani `Up to row 4`. Bwererani komweko musankhe `Up to column B`. Kuno mizere ndi makolamu zimamangidwa padera ndipo china sichifafaniza chinzake. Kumasula ndi `No rows` ndi `No columns`. Mukadina `C5` mwachizolowezi, membala woyamba amamangidwa pamodzi ndi mitu, n'kumakhala pamwamba nthawi zonse ngati ndiye wapampando. Choipa kwambiri n'chakuti mukasanja tsamba lonse motsatira alifabeti, Google Sheets siikhudza mizere yomangidwa, ndiye membalayo amatsala pamwamba, kunja kwa dongosolo la anzake.

Ngati dzina la pa mzere 1 ndi lophatikizidwa kudutsa makolamu ambiri, Google Sheets imakana kumanga makolamu n'kutulutsa uthenga wakuti singadule kabokosi kophatikizidwa. Dinani kabokosiko, pitani ku `Format`, `Merge cells`, `Unmerge`, ndiye mumange.

Pa foni, mu pulogalamu ya Google Sheets, gwirani nambala ya mzere 4 kumanzere mpaka patuluke zosankha, ndipo `Freeze` imakhala pakati pa zimenezo, nthawi zina kuseri kwa timadontho titatu. Kumbukirani kuti kumanga kwa mu Google Sheets ndi kwa aliyense wotsegula tsambalo. Zimene mwamanga pa sikirini yaikulu ya mu ofesi ndi zomwezo zimene mnzanu adzakumane nazo pa foni ali ku depoti ku Chadiza kapena ku Katete. Ngati tebulo limawerengedwa kwambiri pa foni, sinthanitsani makolamu kuti dzina likhale mu `A`, mitu muikweze pa mzere 1, mumange kolamu imodzi yokha ndi mzere umodzi wa mitu.

Zimene kumanga sikuchita

Kumanga ndi kwa tsamba limodzi. Ngati fayilo ili ndi tsamba la chimanga, la soya ndi la ngongole, lililonse limangeni palokha.

Kumanga sikuteteza mitu. Munthu akhoza kudina pa mzere 4 n'kulemba pamwamba pa mutu monga kale. Kuteteza ndi lamulo lina, `Protect Sheet`, la pansi pa `Review`. Ndiponso mu Excel kumanga sikuuza pulogalamu kuti mzere 4 ndi mitu mukamasanja. Posanja, onetsetsani kuti `My data has headers` yachongedwa, apo ayi mawu akuti "Dzina" akapezeka pakati pa a Daka ndi a Jere.

Kumanga kumasungika mu fayilo ya `.xlsx` ndi ya `.ods`, bola mwasunga mutamanga. Fayilo ya `.csv` imasunga mawu ndi manambala okha. Mndandanda umene mwatsitsa ku makina ena nthawi zambiri umabwera ngati `.csv`, ndipo mukamanga n'kusunga momwemo, mawa mupeza zonse zamasuka. Gwiritsani `Save As` musankhe `Excel Workbook`.

Chomaliza ndi pepala. Mamembala 360 amadzaza mapepala angapo, ndipo ngakhale mwamanga bwino pa sikirini, Excel imasindikiza mitu pa pepala loyamba lokha. Kuti ibwere pa pepala lililonse, pitani ku gawo la `Page Layout` pamwamba, dinani `Print Titles`, ndipo lembani motere:

```
Rows to repeat at top:      $4:$4
Columns to repeat at left:  $A:$B
```

Apa ndiye mungasankhe mzere 4 wokha popanda kutenga 1 mpaka 3, zimene pa sikirini zimavuta. `Columns to repeat at left` ndi ya makolamu amene asefukira pa pepala lina, kuti ndalama zotsala zisasindikizidwe popanda maina. Mu Google Sheets, pa tsamba losindikizira, tsegulani `Headers & footers` muchonge `Repeat frozen rows` ndi `Repeat frozen columns`. Musanatumize ku makina osindikizira, dinani `Ctrl+P` muyang'ane pepala lachiwiri ndi lomaliza, muone ngati mitu ili pamwamba ndipo maina ali kumanzere.